Tagi ya ku Lusaka pa sutikesi yanga

Ndinapita ku Joni kukachotsa ng'ala m'diso lakumanja. Ndinakhala milungu isanu kwa mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino kumeneko. Nyumba yake ili m'mwamba, pansanjika yachinayi. Kulibe khonde, kulibe bwalo. Munthu wozolowera kupalasa njinga kuchoka ku Mkanda mpaka pa boma ndinkangoyenda kuchoka pampando kupita pawindo.

Pobwerera anandisenzetsa katundu. Mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamwamuna, ankakwatiwa Loweruka ku tchalitchi cha ku Guilleme. Diresi la ukwati anagula ndi azakhali ake, namwinoyo, koma kuntchito anamukaniza tchuthi. Analipinda yekha, kulikulunga m'nsalu yoyera, kuliika pansi pa sutikesi yanga. Ndege inali ya Lachinayi. Sutikesiyo ikanasochera, mkwatibwi analibe china chovala.

Anandiperekeza mpaka pakhomo la bwalo la ndege. Sakanatha kulowa nane, nthawi ya ntchito inali itamuthera. Anandifotokozera mofulumira tili chiimire. Mkatimo muli makina. Umaika pasipoti, makinawo amatulutsa chiphaso chokwerera ndege, kenako pepala lalitali lomata lomangira pachogwirira cha sutikesi. Pepalalo amati tagi. Pa tagipo pamalembedwa zilembo zitatu zikuluzikulu zosonyeza kumene katundu akupita.

"Bambo, zanu ndi LLW. Ndiye Lilongwe. Musapereke sutikesi musanawerenge. Ndikulembereni?"

"Ndinaphunzira sukulu iwe usanabadwe," ndinatero.

"Ndikudziwa. Koma disolo."

"Diso lili bwino."

Silinali bwino. Lamanja linkatuluka misozi ndikayang'ana kuwala, lamanzere nalo ng'ala inali itayamba. Zilembo zazikulu ndinkaziona ndikayandikira. Zing'onozing'ono zinali ngati nyerere zofa. Sindinamuuze. Analemba ndithu kapepala n'kundiika m'thumba la jekete, ndipo anathamanga.

Makinawo anali ndondondo ngati ma ATM a pa boma. Ndinaima pa amodzi. Ndinaika pasipoti chagada, anakana. Ndinatembenuza, anakananso. Kumbuyo kwanga mzungu wina ankapumira m'mwamba. Pa makina oyandikana nawo panali mayi wachikulire wovala duku labuluu, akubaya galasi ndi chala ngati akuyesa papaya. Ndinamumva akung'ung'udza.

"Iyi makina ifuna chani kansi?"

Chinali Chinyanja cha kutsidya kwa malire. Milungu isanu ndinali ndisanamve chilankhulo chathu pakamwa pa munthu wina kupatula mwana wanga.

"Amayi, kwanu n'kuti?"

Anatembenuka ndi kuseka. "Iyayi! Atate, ndimwe athu? Niyenda kunyumba, ku Chipata."

"Ine wa ku Mchinji."

"Ndiye ndimwe aneba! Imwe ndimwe mumatigulitsa nshawa zonyowa."

"Inu ndi amene mumabwera ndi sikelo zabodza pogula mtedzawo."

Tinaseka. Anali atabwera kudzaona zidzukulu. Mumtima mwanga nkhani inali itatha kale: munthu wa ku Chipata amatsikira ku Lilongwe, amakwera basi kudutsa pa boma pathu, amawoloka pa Mwami, wafika. Ndi mmene ambiri amachitira, chifukwa ku Lusaka n'kutali kwambiri. Sindinafunse. Iyenso sanafunse.

Kunabwera mayi wa yunifolomu wa kampani ya ndege. Anatenga pasipoti yanga, kuiika bwino, kubaya apa ndi apo, n'kufunsa m'Chingerezi kuti masutikesi ndi angati. Ndinati imodzi. Anachitanso chimodzimodzi pa makina a mayi uja. Makina onse awiri analira, natulutsa ziphaso ndi matagi. Asanatimangire, anthu ena anamuitana, ndipo anangotisonyeza ndi manja kuti tipise m'chogwirira, timate, tikalowe pamzere uko.

Mayi wa ku Chipata anali ndi chikwama cham'manja, jumbo, ndi juzi. Manja anali odzaza.

"Bweretsani," ndinatero. "Ntchito ya amuna iyi."

Ndinatenga matagi onse awiri m'dzanja limodzi. Kwa ine anali ofanana, ngati timapepala timene kondakitala amamata pa matumba mu basi. Ndinamangira imodzi pa sutikesi yake, ina pa yanga. Pa iliyonse pali kachidutswa kotsala ndi mwini katundu ngati umboni. Ndinamatula, n'kumupatsa ka pa sutikesi yake. Ndinaweramira pa tagi yanga. Ndinaona L wamkulu. Ndinakhutira.

Iye analowa pamzere. Ine ndinapita kaye kuchimbudzi kukapukuta diso. Pobwerera, pakati pathu panali patalowa anthu ochuluka.

Mzerewo sindidzauiwala. Anamanga malamba m'mitengo yachitsulo, njira yokhotakhota ngati ya ng'ombe popita kudibi. Ukalowa sutuluka. Kutsogolo munthu, kumbuyo kangolo ka katundu kakukugunda m'zidendene. Anthu a ndege zosiyanasiyana za kampani imodziyo tonse tinali mumzere umodzi. Denga linali lalitali koma mpweya unali wochepa. Magetsi oyera ankandibaya m'diso. Zokuzira mawu zinkalankhula zimene sindinkamva. Tinkasuntha mapazi awiri, kuima. Mapazi awiri, kuima.

Pokhota pena ndinayang'anizana ndi bambo wina wa tayi, lamba yekha pakati pathu. Ankalankhula pafoni m'Chichewa cha ku Lilongwe, akuuza dalaivala nthawi yokamudikira. Sutikesi yake inali pafupi ndi bondo langa. Ndinayang'ana tagi yake chifukwa chosowa choyang'ana. L, L, ndi chilembo chotambalala cha mano awiri.

Ndinayang'ana yanga. Chilembo chachiwiri chinali chozungulira pansi ngati mtondo.

Ndinapukuta diso. Ndinayang'ananso. Ndinatulutsa kapepala ka mwana wanga. Sizinkafanana.

Ndinaima nalo kapepalako nthawi yaitali. Mzere unasuntha, ndinasuntha nawo. Kufunsa kunali kuvomera pamaso pa munthu wa tayi kuti sindikutha kuwerenga zilembo zitatu. Ine amene ndakhala mlembi wa kalabu ya alimi a fodya zaka zambiri. Ndinadziuza kuti mwina ndege ina amalemba mwina. Ndinadziuza kuti makina sanama. Koma ndinkaona mdzukulu wanga ataima pakhomo la tchalitchi Loweruka, anthu atadzaza, iye ali m'chitenje.

Titakumananso pokhota potsatira ndinamugwira mkono.

"Pepani achimwene. Tandiwerengereni apa."

Anawerama. "LUN. Mukupita ku Lusaka, madala?"

"Ku Lilongwe."

"Ndiye katundu wanu akupita ku Lusaka." Anayandikitsa nkhope. "Dzina lili apali ndi la mzimayi. Mwaitenga kuti tagi imeneyi?"

Ndinaimirira pa zala kufunafuna duku labuluu. Linali kutsogolo kwenikweni. Patsogolo pake panali anthu awiri okha.

Ndinayesa kudutsa. Mayi wina wonenepa anatseka njira ndi kangolo kake n'kundilankhula mokalipa m'chilankhulo chawo. Ndinayesa kuwerama pansi pa lamba, sutikesi inakola mtengo wachitsulo, mtengowo unapendama. Mlonda anandiloza chala kuti ndibwerere. Kumbuyo kunalibe njira. Kusiya sutikesi sindikanatha, mwana wanga anali atandichenjeza kuti katundu wosiyidwa yekha amamutenga apolisi. Dzina la mayi wa dukuyo sindinkalidziwa, ndipo lolembedwa pa tagi sindikanaliwerenga.

Chibadwire sindinakuwepo pagulu. Ana anga ndinkawaitana ndi diso. Tsiku limenelo ndinatsegula pakamwa.

"Amayi a ku Chipata!"

Anthu anatembenuka. Iye ayi.

"Amayi a ku Chipata! A sikelo zabodza!"

Duku linatembenuka.

"Musapereke chikwamacho! Imani pomwepo!"

Bambo wa tayi anafotokozera mlonda m'Chingerezi chofulumira. Mlondayo anamasula lamba mmodzi, kenako wina, n'kundiyendetsa pakati pa anthu onse akundiyang'ana. Nkhope yanga inkatentha. Ndinayenda mutu uli chilili.

"Atate, n'chani?"

"Ndege yanu ikutera kuti?"

"Ku Lusaka. Ana ndiye anagula tikiti. Nikagona kwa mlongo wanga, mailo kukacha nikwera basi ya ku Chipata."

"Bwanji simunanene?"

"Munanifunsa?"

Pa kauntala panali mayi wa magalasi. Anatenga mapasipoti onse awiri ndi ziphaso, anawunika matagi ndi kamakina kake kowala, n'kupukusa mutu. Ine ndinali nditayamba kale kukanda tagi ndi chikhadabo kuti ndiimatule tisinthane. Anandiletsa. Ikamatidwa yamatidwa, ukaikoka imang'ambika ndipo mizere yakuda imene makina amawerenga imawonongeka. Anaidula yekha, ndi ya mayi uja, anatilanda tizidutswa taumboni tija, anabaya pa kompyuta, natulutsa matagi atsopano. Bambo wa tayi, amene anali atafika pa kauntala yoyandikana, anandimasulira zimene mayi wa magalasiyo ananena: kuti mwina iye akanazindikira powunika, koma tsiku la anthu ambiri chonchi munthu asadalire zimenezo. Katundu akalowa mkati palibe amene amafunsa mwini wake. Amatsata tagi basi.

Anamangira yatsopano pa sutikesi yanga n'kuitembenuzira kwa ine. Anadikira. Ndinawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza pepala, anthu onse a pamzere akuona.

"L. L. W."

Anagwedeza mutu. Lamba wonyamula katundu anayenda, sutikesi inalowa kuseri kwa makatani a labala.

Mayi wa ku Chipata anawerenganso yake mokweza, monyoza ine pang'ono. Kenako anandigunda paphewa ndi juzi yake.

"Ntchito ya amuna," anatero.

Sindinaseke. Zipata zathu zokwerera ndege zinali zosiyana, tinasiyana pamenepo.

M'ndege anandiika pakati pa anthu awiri, lamba m'chiuno, mawondo atagunda mpando wakutsogolo. Chakudya sindinadye. Ndinkangoganiza za sutikesi, ngati ilidi pansi pa mapazi anga kapena ili m'ndege ina. Ku Lilongwe ndinaima pafupi penipeni ndi pamene katundu amatulukira. Anatuluka a anthu ena, ambiri. Yanga inabwera kumapeto, itakalika pakona. Ndinaitsegula pomwepo, pansi, anthu akundilambalala, ndinapisa dzanja pansi pa malaya anga mpaka ndinakhudza nsalu ija.

Ndinafika ku Mkanda dzuwa likupendeka. Mdzukulu wanga analiyesa diresilo m'chipinda ndi amayi ake, ndipo ndinamva akukangana kuti latalika. Lachisanu m'mawa anapita nalo kwa telala kukapinda m'munsi. Mwana wanga wa ku Joni uja ataimba foni kufunsa ngati ndinayenda bwino, ndinati katundu wafika.