Tsitsi Lolemera Foni

Enelesi wa ku Mlangeni adakula akuluka anthu tsitsi pakhonde la golosale, asanaphunzire kuumba anthu a m'magemu pa laputopu. Atapatsidwa ntchito yoveka tsitsi mtsikana wa m'gemu ya pafoni, adalipanga monga amalidziwira, limodzilimodzi, zikwi makumi asanu, lililonse lopotana palokha. Zidamutengera miyezi iwiri.

A Cedric, mkulu wa gemuyo, adaimba foni ali ku Lilongwe.

"Achemwali, n'lokongola, koma foni imajambula mutuwu kamakumi atatu pa sekondi. Ikamawerengera tsitsi lililonse ikutentha, gemu n'kuima. Ikani makadi."

Makadi ndi timizere tafulati tojambulidwapo tsitsi. Mazana ochepa amakwana mutu wonse, foni osalemedwa. Pa tsitsi lowongoka amanamiza diso bwinobwino, koma pa lathu lopotanali, ukayandikira, amangooneka ngati udzu wofolera.

Enelesi sadatsutse, poti ngakhale foni yake inkatentha. Adayala makadiwo, gemu n'kuyenda myaa.

"Musadandaule," adatero a Cedric, "palibe amene adzayang'ane tsitsilo pafupi."

Enelesi, amene adakula mphuno ili pamitu ya anthu, adangotseka laputopu.