Dzina la Kuphiri pa Vidiyo ya Maliro

Ntchito yanga ndi youlutsa maukwati ndi maliro pompopompo pa intaneti, kuti abale akutali aziona. Kale ndinali ndi ulesi umodzi. Mwambo ukatha ndinkangopinda mawaya n'kumapita, vidiyo n'kutsala ndi mutu womwe ndinauika poyamba: "Tili pompopompo ku Zomba, lowani." Patsamba langa mitu yotere inali mbwee, ngakhale ine mwini sindinkaisiyanitsa.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wogulitsa mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Maliro a amuna awo ndinaulutsa ndine, ku Malosa, masabata awiri m'mbuyomo. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, ndipo nambala yake inasiya kugwira kalekale. Woyendetsa thiraki wina anakumana naye n'kumuuza za imfayo, komanso kuti mwambo uli pa intaneti. Koma thirakiyo inabwerako yopanda nambala. Mayiwo ankafuna kuti mwanayo auone mwambowo.

"Ndiye linki ndimutumizira pati, amayi?" ndinafunsa.

"Iyeyo ndi wa sukulu, mwanangu. Akasaka yekha awapeza bambo ake."

Ndinalemba dzina la malemuwo posakira. Sipanatuluke kanthu. Ndinachita manyazi, chifukwa bamboyo ndinali nditamukwirira kachiwiri ndi ulesi wanga.

Tinakhala pabenchi, laputopu pamiyendo. Ndinafufuta mutu wakalewo n'kulemba dzina lomwe linali papepala la mwambo, mudzi ndi tsiku. Nditawawerengera, mayiwo anaseka pang'ono.

"Limenelo ndi la ubatizo. Ngakhale ine ndinalimva paukwati pokha. Mwanayo akalemba lomwe bambo ake anapatsidwa ndi anzawo ocheka matabwa kuphiri."

Ndinayamba ndi la kuphirilo, la ubatizo pambuyo. M'mawu ofotokozera a pansi pa vidiyo ndinabwereza maina onse awiri m'mizere yoyambirira, n'kuwonjezera mpingo, ntchito yawo ndi manda omwe anagona. Kenaka ndinayamba kundandalika nthawi, kuyambira pa 0:00, kuti munthu akadina azifika pomwe akufuna: pofika bokosi, pa ulaliki, poika nkhata.

"Pamene ankatchula ana mwaikapo?"

Ndinapafunafuna. Panali patadutsa ola limodzi ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Mkulu wa mpingo anawerenga ana anayi, wa ku Joniyo poyamba.

"Mulembe kuti ana onse anatchulidwa. Asaganize kuti tinamuchotsa."

Ndinalemba momwemo n'kusunga. Ndinawauza kuti nthawi zina zimatenga kanthawi kuti mutu watsopano uyambe kutuluka posaka. Anati adikira kale zaka, sangalephere masiku.

M'mawa uliwonse ndinkatsegula tsambalo. Sabata yachitatu ndinapeza ndemanga imodzi, ndipo ndinakwera njinga yamoto kukawawerengera pomwe amagulitsira. Inali ndi nambala ya foni ndi mawu ochepa: "Ndamva dzina langa. Amayi achepa thupi, akudya koma?"

Mayiwo anapukuta manja pachitenje, nandiuza kuti ndiwerengenso.