Lipoti la Nazale Yomwe Inatsekedwa

Pa esiteti ya tiyi pomwe ndinkayang'anira makompyuta, pulinta inkadzuka tonse tisanafike. Sikisi koloko m'mawa uliwonse inkalavula pepala limodzi: lipoti la chinyezi cha dothi ku nazale ya kumunsi. Nazaleyo anali ataitseka kalekale, timakina toyezera chinyezi tinazulidwa, pamalopo pankadya mbuzi. Koma pa ndandanda wa ntchito zomwe kompyuta imachita yokha nthawi ikakwana, mzere wa lipotilo unali ukadalipo. Choncho pepala linkatuluka ndithu, ziro kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Amayi a pa kalaliki, omwe anayamba ntchito ine ndikadali kusukulu, ankalidinda ndi kukalisiya pa tebulo la amanijala. Amanijala ankasayina osaliwerenga, kenako linkalowa m'fayilo.

Tsiku lina chinandinyansa. Ndinatsegula ndandanda uja n'kuika chizindikiro cha # kutsogolo kwa mzerewo, kuti kompyuta iziwudumpha. Sindinauze munthu, sindinalembe paliponse. Ndinkadziona wanzeru zedi. Mawa lake ndinapita ku maliro a malume ku Chonde, foni nditazima.

Nditabwerako patatha masiku atatu, ndinapeza pulinta ikulavulanso maziro ake.

"Mwatichititsa manyazi, achimwene," anatero amayi aja. "Makina anafa inu kulibe. Abwana anachita kuitanitsa katswiri wa ku Blantyre."

Katswiriyo, ndinamva, anabwera ndi chikwama chachikulu, nakhala tsiku lathunthu akugwedeza mutu. Madzulo anafufuta kachizindikiro kanga kaja. Anamuperekeza mpaka pageti ngati dokotala wodzutsa akufa.

Amanijala anandiitanitsa. Ndinaulula kuti ndinazimitsa ndine, ndipo ndinawakumbutsa kuti nazale ija kulibe.

"Ndiye ifeyo tikanalota?" anafunsa. "Chinthu chasiya kutuluka, palibe kalata, mwiniwake ali kumaliro. Inu mukanaganiza chiyani?"

Ndinafuna kufunsa kuti zaka zonsezi ankasayina chiyani, koma ndinameza. Chowawa chinali chakuti bambo wosawerenga malipotiyu ankanena zoona.

Ndinayambiranso, ulendo uno mwa dongosolo. Choyamba ndinawerenga pulogalamu yonse yomwe mzerewo unkayendetsa, zomwe ndinayenera kuchita poyamba paja. Kumapeto kwake munthu wina wakale anaphatikizapo ntchito ina: kukopera zolemba za mvula pa disiki yosungirako. Masiku omwe ndinazimitsa aja, palibe chinakoperedwa. Mwayi wake kompyuta sinawonongeke sabata imeneyo. Ntchito yokoperayo ndinaipatula, n'kuipatsa mzere wakewake, ndipo ndinadikira m'mawa mwake kuti ndione ngati yayenda.

Kenako ndinazungulira maofesi kufunsa yemwe amagwiritsa ntchito lipotilo. Akapitawo a m'minda anati sanalionepo. Mkulu wa fakitale anati n'lofunika kwambiri. Nditamufunsa kuti limanena za chiyani, anati ali ndi msonkhano.

Ndinalemba tsamba limodzi: dzina la ntchitoyo, zomwe inkachita, chifukwa choiimitsira, tsiku lozimitsa, komwe ntchito yokopera ija yasamukira, komwe ndasunga pulogalamu yakale, ndi mmene munthu angaibwezeretsere nazale ikadzatsegulidwanso. Pansi ndinasiya malo oti amanijala asayine. Tsamba limeneli analiwerenga kawiri, magalasi ali pamphuno, n'kundibwezera kuti ndikonze mawu awiri.

Ndinatumiza uthenga kwa onse kuti kuyambira Lolemba pepalalo silidzatulukanso, ndipo wodandaula anene pasanathe masabata awiri. Lolemba ndinaikanso kachizindikiro kaja, koma pamwamba pake ndinalemba tsiku, chifukwa chake, ndi komwe kuli tsamba losayinidwa, kuti katswiri wina asadzadyerenso pamenepo. Wodandaula sanapezeke. Masabata awiri atatha ndinachotseratu mzerewo, n'kusiya mawu ofotokoza aja.

Amayi a pa kalaliki okha ndi omwe anavutika. Kwa masiku angapo ankafikabe pa pulinta chidindo chili m'manja, n'kubwerera. Tsiku lina anandibweretsera mafayilo asanu ndi awiri, onenepa ngati mitolo ya nkhuni.

"Nanga awa ndiwatani?"

"Tayani, mayi. Muli maziro okhaokha."

"Nditaye popanda kalata? Kuti mawa adzati ndinaba? Lembani, abwana asayine."

Ndinalemba, ndipo anasayina.

Chaka chotsatira amanijala aja anasamutsidwa. Watsopano, mayi wa ku Thyolo wosakonda zocheza, anapeza dzina la lipotilo pa mndandanda wakale wa zomwe ofesi yake inkalandira. Ine ndinali patchuthi. Anafunsa amayi a pa kalaliki, iwo anamutulutsira tsamba lija. Anawerenga ali chiimire, n'kukhwatcha dzinalo pa mndandanda wake, ndipo anafunsa za ndandanda wa feteleza. Ndinamva nkhaniyi nditabwerako, ndipo kunena zoona zinandikhumudwitsa pang'ono kuti palibe anandiimbira foni.