Dzina la a Makina pa Nambala ya Wakuba

A Lekani Makina anakonza njinga pamsika wathu, kunsi kwa phiri la Michesi, kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anabwera ali kamwana kuchokera ku Mozambique, atabelekedwa kumsana, ndipo sukulu anaiona khomo lokha. Kuwerenga sankadziwa, koma gudumu lopindika ankangolizunguza kamodzi, kutchera khutu, n'kudziwa sipoko yamasuka. Onyamula nkhuni ndi a kabaza onse ankathera pamtengo wawo wa mango. Foni anali nayo, ya mabatani, yomanga ndi mphira kuti batire isagwe.

Cholakwa chawo chinali chimodzi, ndipo theka la mudzi linalakwanso chomwecho. Chaka chatha kunabwera anyamata awiri ovala bwino, akuti akulemba mayina a olandira feteleza. Anasonkhanitsa zitupa za unzika m'jumbo, kupita nazo, n'kuzibweza mawa lake. Feteleza sitinamuone. Panthawiyo palibe anaganiza kuti chitupa chako munthu angakalembetsere simukhadi, dzina lako n'kumayenda m'matumba a anthu osawadziwa.

Ine ndine Aliness Sitima, ndipo nkhaniyi imandipsetsa mtima chifukwa amene anadzawachitira nkhanza a Makina ndi abale anga enieni.

Mkulu wanga Hilda amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Lachiwiri lina kunatulukira Hilda wachiwiri pa Facebook, dzina lomwelo, chithunzi chomwecho cha diresi yobiriwira, akupempha ubwenzi kwa tonse. Tinavomera. Ndani angamukane mbale wake? Lachitatu mauthenga anayamba: “Andigwira nkhani ya mapepala. Foni yanga alanda, musaimbe. Tumizani pa nambala iyi lero lomwe, apo ayi anditsekera. Amayi musawauze, BP ingakwere.”

Amalume athu a Stafford, munthu wa mtima wapachala koma wokonda ana a mlongo wake, anagulitsa mbuzi ziwiri tsiku lomwelo. Atatumiza, uthenga wotsimikiza unaonetsa dzina la wolandira: Lekani Makina. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Kwathu kuno ndalama zimadutsira pa nambala ya aliyense amene ali pafupi, ya woyendetsa minibasi, ya mkulu wa mpingo, ya mlamu wa mnzako. Iwo anangoti Hilda wapeza njira yake.

Lachinayi m'mawa Hilda weniweni anamva kwa mnzake, ndipo anatumiza uthenga wa mawu pa gulupu ya banja ya WhatsApp. Ndinautsegula pakhonde pa amalume, anthu asanu atandizungulira.

“Abale anga, ndine Hilda, mukundimva mawu. Sindinamangidwe, ndili pantchito. Akaunti yatsopano ija si yanga, wina wangokopera dzina ndi zithunzi zanga. Ndi wakuba, musatumize kalikonse...”

Amalume sanadikire zotsala. Anadzuka mpando n'kugwa chagada. “Makina! Nyani ameneyu! Mbuzi zanga!” Anatola mpini wa khasu, ana awo awiri, Thomson ndi Elton, pambuyo.

Ine ndinatsala kumvera mpaka kumapeto. Hilda anapitiriza: “Wofuna kutsimikiza andiimbire pa nambala yanga yakale. Musayankhe akauntiyo. Yambani mwajambula mauthenga ndi nambala, kenako kanenezeni akauntiyo pa Facebook pomwepo kuti ndi yonamizira munthu, muitseke isakupezeninso. Amene mwatumiza kale, imbirani msanga a kampani ya foni ndi nambala ya risiti, mwina ndalama sanazitape, mupitenso kupolisi. Ndipo chonde, dzina limene likutuluka pa nambalayo lisakupusitseni. Akubawa amalembetsa masimu ndi zitupa za anthu ena. Musakhudze munthu.”

Ndinathamanga nsapato m'manja. Msika uli patali ndithu, ndipo pofika ndinapeza mawu akuti “wakuba” afika kale paliponse. Ogulitsa nandolo anali atasiya malonda. Anthu amene sanaberedwe ngakhale tambala ndiwo ankakuwa kwambiri.

A Makina anali pansi, pakati pa matayala akale. Mpini woyamba unali utawang'amba pamwamba pa diso, magazi atatseka nkhope yonse. Thomson ankawaponda m'nthiti. Wina anawakwapula ndi tcheni cha njinga, malaya n'kung'ambika pamodzi ndi khungu. Iwo ankangolira m'Chilomwe, kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale.

“Ndalama zili kuti?” amalume anakuwa.

“Ndalama zanji, a Stafford? Ndakulakwirani chiyani ine?”

“Dzina lako ili apa! Ukuyesa ndife ana?”

Anawaika foni pamphuno, munthu wosadziwa chilembo ndi chimodzi chomwe. Kenako Elton anakoka dzanja lawo lamanja n'kuligoneka pa chitsulo chimene ankawongolerapo malimu. Amalume anatola hamala ya eni akeyo. Ndinakuwa, “Amalume, imvani Hilda!” koma mawu anga anamira. Hamala inatsika katatu. Kulira kwa mafupa aja ndimakumvabe mpaka lero, ndipo sindidzakhululuka.

Ndinadzigwetsa pamwamba pawo, chibakera chimodzi n'kundipeza pakhutu. Kumbuyo wina anali atayamba kale kufunsa za petulo. Ndinakweza foni, n'kuika mawu a Hilda mokweza mpaka pothera. Ena anamva, ena ayi. Chinawaziziritsa si ine. Foni ya amalume inalira m'thumba, iwo n'kuitulutsa ndi dzanja lamagazi. Unali uthenga wa Hilda wabodza uja: “Amalume zikomo, koma sizinakwane. Onjezerani msanga.”

Amalume anayang'ana foni, anayang'ana munthu ali thapsa pansi, kafoni kake ka mphira kataphwanyika pambali. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akukumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya malonda. Amene anatsala kundithandiza kuwakweza pa njinga anali mayi wogulitsa zitumbuwa.

Kuchipatala anadula zala ziwiri, zina zitatu zinauma chopindika. Amalume ndi ana awo anagona m'chitokosi masiku angapo, mlandu ukadali m'khoti. Tinachita zonse zimene Hilda ananena, mochedwa. Akaunti yabodza inatsekedwa abale ambiri ataineneza, koma ndalama zinali zitatapidwa kale kwa ejenti wa kutali, tsiku lomwe zinatumizidwa. Nambala ija a kampani anaitseka. Atafufuza, anapeza kuti pa chitupa cha a Makina panalembetsedwanso nambala zina.

A Makina atatuluka, ine ndi amayi tinapita kwawo ndi nkhuku ndi thumba la chimanga. Tinawapeza akazi awo akumanga katundu m'zitenje. A Makina anakhala pa mpasa, dzanja lili pachifuwa, ndipo sanatikalipire. Bola akanatitukwana.

“Mukupita kuti, bambo?” amayi anafunsa.

“Kwa abale, ku Milanje. Kutsidya.”

“Koma aliyense wadziwa tsopano kuti simunabe.”

Anapukusa mutu. “Aliyense wa pano. Apolisi akuti nambala zinazo zinaberanso anthu, ena a ku Migowi, ena a ku Chiringa. Nawonso anaona dzina langa. Inu a Sitima mumandidziwa, ndakukonzerani njinga zaka zonsezi, ndipo mwandichita chonchi. Nanga osandidziwawo akabwera adzandisiyira chiyani?”

Ine ndi amayi tinatsanzika. Nkhuku ija tinabwerera nayo, chifukwa a Makina anati alibe dzanja loinyamulira.