Soketi ya 1155 ndi bodza langa la ku Jenda

Nthawi imene ndinali ndi kashopu kokonza makompyuta pa Mzimba boma, anthu ankanditchula kuti ainjiniya, ndipo ine sindinkakana. Ndinkayenda ndi kasikuludiraiva m'thumba la shati ngakhale popita kumaliro. Kudzimva kumeneko n'kumene kunandipalamulitsa mlandu umene mpaka lero ndikaukumbukira ndimangoyang'ana pansi.

Ku Jenda kunali bambo wina wochokera ku Dedza, amene anakalambira ku Luwawa akukonza makina ochekera matabwa. Zala ziwiri za kudzanja lamanzere anazisiya komweko. Atapuma ntchito anatsegula kamalo kotayipira makalata ndi mapulogalamu a ukwati, mpaka tsiku lina mphezi inawotcha kompyuta yawo, bodi yaikulu ya mkati ndi purosesa yomwe, ubongo wa kompyutayo. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna ku Joni, amene anathawa sukulu ali Fomu 3, ndipo kwa zaka zambiri awiriwa sankalankhulana bwino. Mwanayo atamva za mphezi anaimba yekha foni n'kunena kuti purosesa agula ndi iyeyo. Bambowo pondiuza nkhaniyi ankamwetulira chobisa.

Tinagawana ntchito: ine ndipeze bodi kuno, mnyamatayo agule purosesa ku Joni n'kupatsira amathiransipota. Bodi ndinaipeza yogwirapo kale ntchito koma yabwino, ndipo ndinapita nayo ku Jenda kukaionetsa.

Bambowo anaitembenuzatembenuza, kenako analoza kabwalo kachitsulo kamene kali pakati, kodzaza ndi timapini tating'ono.

"Apa ndiye pokhala chinthucho?"

"Eya bambo, imeneyo ndi soketi."

"Nanga nambala yake mwamuuza mwanayo? Ife kumakina, beringi sitinkagula ndi maso. Umawerenga nambala, ukalephera umanyamula yakaleyo n'kupita nayo kusitolo."

Ndinaseka. Ndikuvomera, ndinamuseka munthu wamkulu. Ndinati makompyuta si macheka, angouza mwanayo agule purosesa ya i5, yatha. Iwo anati, "Chabwino ainjiniya, odziwa ndinu." Uthengawo ndinalemba ndekha pafoni yawo: gula i5 iliyonse yabwino.

Pafupi ndi soketiyo panali polembedwa LGA1155, zilembo zoyera zooneka bwinobwino. Chala changa chinagunda pomwepo kangapo, koma maso anga anali kumwamba.

Katundu anafika patatha milungu itatu. Mnyamatayo anakulunga purosesayo m'masokosi atsopano a bambo ake, n'kuika m'kachitini ka tiyi. Amayi ake anayala nsalu yoyera patebulo ngati pakubwera abusa. Ndinatsegula kachitseko ka soketi, ndinalunjikitsa kachizindikiro ka pangodya, n'kuika purosesa. Inakana kukhala. Kukula kwake kunali komweko, koma timipata tiwiri ta m'mbali mwake sitinkakumana ndi timano ta soketi, moti mbali imodzi inangotukuka. Ndinaichotsa, ndinaikanso, zomwezo. Ndinagwira kachitsulo kotsekera kuti ndipanikize, koma bambowo anandigwira mkono ndi dzanja lawo la zala zitatu lija.

"Chitsulo chikakana musachikakamize."

Akanapanda kutero ndikanapinda mapini, bodiyo n'kutheratu. Pamenepo ndinayenera kunena kuti sindikudziwa chavuta, ndikafufuze kaye. Koma amayi aja ankandiyang'ana, ndipo pakhomo panaima makasitomala awiri. Pakamwa panga panathamanga.

"Iyi ndi feki. Amupusitsa ku Joniko, kapena wangotola yotchipa pamsewu."

Nkhope ya bambowo inagwa. Anatenga foni n'kuimba ine ndili pomwepo. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Ananena motsitsa kuti ankaganiza kuti mwanayo wakula, koma akadali yemwe uja wochita zinthu mwachidule, wa sukulu yosamaliza. Mawu a mnyamatayo ndinkawamva bwino.

"Adada, nagula icho mukaniphalira, chomwecho munandiuzacho. Ndinalowa m'shopu yeniyeni, risiti ndili nayo."

"Ainjiniya aona okha," anatero bambowo, n'kudula foni.

M'minibasi yobwerera kuboma mtima sunakhale m'malo. Nditafika pashopu ndinachita chimene ndinayenera kuchita milungu itatu m'mbuyomo, ndipo sichinanditengere mphindi zisanu. Purosesa ndi bodi ndinali nditabwera nazo, ndipo pamsana pa purosesa pamakhala nambala yake yonse. Iyi inali i5-4570. Ndinailemba pa intaneti, patsamba la kampani yopanga, ndipo pamzere wa soketi panalembedwa 1150. Bodi yanga inali ya 1155. Ndinalembanso nambala ya bodiyo patsamba la opanga ake n'kutsegula mndandanda wa mapurosesa amene imalandira. Munali ma i5 oyamba ndi 2 ndi oyamba ndi 3, woyamba ndi 4 munalibe. Dzina loti i5 ndi la banja lonse, mibadwo yake ndi yambiri, ndipo soketi imasintha mibadwo ikamapita. Purosesayo inali yeniyeni, ndiponso yatsopano kuposa bodi imene ndinasankha ine. Mnyamatayo anagulira bambo ake chinthu chabwino kuposa chimene anapemphedwa.

Amati safunsa anadya phula, koma phula langa ndinadyetsa mwana wa eni ake.

Ndikanakonda kulemba kuti m'mawa mwake ndinakwera minibasi yoyamba. Ayi, ndinakhala milungu iwiri. Bambowo akaimba ndinkati ndikufufuzabe. Ndinaganizapo zongogula purosesa ina ya 1155 mwakachetechete, kompyuta iyake, bodza likhale momwemo. Mkazi wanga nditamuuza maganizo amenewa anangondifunsa kuti, "Ndiye mwanayo akhalebe wopusa kuti inu mukhalebe ainjiniya?" Tsiku limenelo chakudya sichinandikomere.

Ndinasaka bodi ya 1150 kwa mnzanga wa ku Mzuzu. Ulendo uno ndinamuuza ajambule nambala yake, ndinatsegula mndandanda wa opanga, ndinapezamo 4570, n'kuonanso ngati bodiyo ikufuna kuti pulogalamu yake yamkati ikhale yatsopano isanalandire purosesayo. Soketi ikhoza kufanana koma bodi n'kukanabe, choncho mndandandawo ndiwo umagamula. Mamemore a m'kompyuta yakale ija anali oyeneranso pabodi imeneyi.

Ku Jenda purosesa inangokhala yokha m'soketi, osaikankha n'komwe. Kompyuta itayaka bambowo anandiyang'anitsitsa.

"Si yomwe ija munati ndi feki?"

"Ndi yomweyo bambo. Sinali feki. Nambala imene munandifunsa ija sindinawerenge, ndipo nditaona kuti zavuta ndinanamizira mwana wanu. Ndinadziwa milungu iwiri yapitayo."

Anasisita pamene panali zala paja. Amayi anatuluka panja. Kenako bambowo anaimba ku Joni, kawiri, foni n'kumangoitana. Anandipatsa foniyo kuti ndijambule uthenga wa mawu wopita kwa mwanayo, ndinene zonse monga ndawauzira iwo. Ndinanena zonse ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Nditamaliza anailandira n'kuwonjezera okha kuti, "Mwana wanga, ndinalakwa."

Yankho linabwera patatha masiku anayi, pafoni yanga osati ya bambo ake. Nambala anaitenga kwa amayi ake.

"Yewo akulu, ndamva. Za purosesa zilibe kanthu, munthu amalakwitsa. Koma inu munalankhula kamodzi kokha adada n'kukhulupirira. Ine mwana wawo ndinati risiti ndili nayo, sanafune n'kuiona komwe."

Kompyuta ija ikugwirabe ntchito. Ndikamadutsa pa Jenda bambowo amandilandira bwino, amandipatsa mpando, ndipo sananditchulenso kuti ainjiniya. Tikacheza pang'ono amatsitsa mawu n'kundifunsa ngati mwana wawo wandilemberanso.