Chikamwini cha Sikolashipu

Ine ngongole sindinatengepo chibadwire. Funsani pa Nsaru ponse, ngakhale ogulitsa feteleza akuuzani. Sukulu ndinalekezera panjira, dzina langa ndimalemba mochita kukwawa, koma palibe munthu anaimapo pakhomo panga kudzandilonjerera. Ndiye chaka chimene mdzukulu wanga wamkazi, amene ndamulera kuchokera pamene mayi ake anatisiya, anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira za ziweto, mawu akuti loni ndinawakana asanamalize kuwatchula.

Mwayi wina unabwera wokha. Kampani ina yogula fodya inkafuna ana a alimi okhoza bwino kuti iwalipirire sukulu. Fizi yonse, malo ogona, chakudya, mabuku, osabweza. Amati sikolashipu. Mwana anayesa, anamutenga. Lamulungu lake ndinaima panja pa tchalitchi kuuza aliyense, ndipo mawu anga ndi oti ndikanong'ona pa Nsaru a ku Kabudula amayankha.

Koma mwanayo nkhope inagwa, ngati wina wamwalira.

Tsiku lina masana anabwera ndi aphunzitsi opuma, mkulu wa mpingo mnzanga amene tinavinira limodzi tili anyamata. Aphunzitsiwo anakhala pa mpando wanga wabwino osapemphedwa.

"Akulu, mwalengeza dziko lonse. Koma zimene mwalengezazo mwazimva?"

"Ndamva kuti n'zaulere. Inu aphunzitsi mumafuna mpaka zaulere zikhale ndi mayeso?"

"Mayeso alipodi," anatero. Anandifotokozera kuti mwana akatsika m'kalasi, kampani imasiya kulipira pomwepo. Asiyenso za ziweto, aphunzire za mbewu, poti iwo akufuna alangizi a fodya. Akamaliza, awagwirire ntchito zaka zimene agwirizana, kulikonse kumene amutumize. Akachoka nthawi isanakwane, abweze zonse anamulipirira.

"Nanga loniyo?"

"Loni ndi ngongole, sindikunamizani. Boma limalipira, iye amaphunzira chimene anasankhidwira. Akamaliza amamupatsa kanthawi kopumira, kenako amayamba kubweza pang'onopang'ono. Akalembedwa ntchito, amamudula pa malipiro. Koma ntchito ya kulikonse kumene wafuna. Kuipa kwake, si onse opempha amapatsidwa, ndipo ntchito ikasowa ngongoleyo siifa."

Ndinafunsa mwana kuti iwe ukuti bwanji. Anayang'ana pansi. "Agogo, ine fodya sindimufuna. Ndimafuna ng'ombe. Koma mukanena inu, ndipita."

Aphunzitsi anaseka. "Kodi inu simunakhale pa chikamwini ku Kabudula? Mwaiwala, eti?"

Sindinaiwale. Nditangokwatira ndinakhala kwa akazi anga. Apongozi anali anthu abwino, zoona. Munda anandipatsa, malo omanga nyumba anandipatsa, njala sindinagone nayo. Koma munda uja sunali wanga. Ndinkalima chimene anena, ndipo ndikafuna kukaona mayi anga ndinkayamba ndapempha. Tsiku limene ndinapereka chiongo n'kutenga mkazi wanga kubwera naye kwathu, tinadya movutika chaka chonse, koma ndinkadzuka nthawi yanga.

Sindikunena kuti sikolashipu ndi yoipa. Mwana wa mlongosi wina wa ku Nambuma anaitenga yomweyo, lero ali pa njinga yamoto, mbumba yonse ikudya. Iye fodya ankamukonda. Chikamwini chimakoma ukamukonda mwini mudzi.

Loni ndinaivomera, koma chimene chinandivuta si ngongole ayi. Aphunzitsi anati loni amapatsa osowa, ndipo pamafunika akuluakulu achitire umboni kuti pakhomo pano sitingathe kulipira tokha. Ine, munthu wa nkhokwe ziwiri, amene pamaliro ndimayamba kupereka, ndikanene ndekha kuti ndine wosowa.

"Mutumeni mwanayo apite yekha kwa abusa," anatero aphunzitsi. "Nkhope yanu isaoneke."

"Nkhope yanga yalakwa chiyani?"

Ndinavala jekete, tinapita. Abusa anandifunsa kuti ndimapeza bwanji. Ndinawauza zoona: chimanga chokwanira kudya, mtedza wogulitsa pang'ono, fodya ndinasiya mawondo atayamba kuvuta. Ndinayesa kutsitsa mawu, koma amayi amene ankasesa panja anamva zonse. Podzafika madzulo, mudzi wonse unadziwa kuti mkulu uja wakana zaulere n'kukapempha ngongole.

Mayina a opatsidwa loni anachedwa kutuluka. Malo a ku kampani anali atapita kale kwa wina, ndipo masabata amenewo ndinkapita kumunda osalankhula ndi munthu, anthu mpaka kufunsa ngati ndikudwala. Atatuluka, la mwanayo linalipo, koma anamupatsa ya fizi yokha. Ya chakudya ndi pogona inatsalira ine. Mtedza umene ndinkasunga kuti ukwere mtengo ndinaugulitsa, ndipo chaka chilichonse ndimatero.

Tsopano watsala pang'ono kumaliza. Ngongole ikumudikira, iye akudziwa, inenso ndikudziwa. Patchuthi chapitachi ng'ombe ya aphunzitsi inatupa mimba, ndipo anabwera okha m'mawa kudzamupempha kuti akaione. Ndinawasiya aime kaye pakhomo pang'ono ndisanamuitane.