Chidule Changa cha Chizungu ndi Chinyanja

Chaka chimene ndinkamaliza digiri yanga ya uphunzitsi ndinkaphunzitsa ku Chiparamba, ndipo kafukufuku wanga anali wa ana ojomba kusukulu nthawi yokumba mtedza. Buku lonse nditalemba, amayi amene ankandiyang'anira pa kafukufukuyo anandiuza kuti kutsogolo kwake kukhale chidule cha ndime imodzi, m'Chizungu ndi m'Chinyanja, kuti makolo amene ndinawafunsa mafunso adziwerengere okha.

"Ziwirizo zikhale mapasa," anatero pafoni. "Cholinga, njira imene munatsata, zimene munapeza, kenaka malangizo. Chimene chili uku chikhalenso uko, pamalo omwewo."

Cha Chizungu ndinalemba masana amodzi. Cha Chinyanja ndinapita nacho kwa atate ku Chipata Loweruka. Atate anaphunzira ku mishoni, anagwira ukalaliki mpaka kupuma, ndipo mpaka lero amakonza Chinyanja cha olengeza pa wailesi ngati akuwamva. Anavala magalasi, natenga pepala langa kupita nalo pakhonde. Ine ndinali kukhitchini ndi amayi.

Atandiitana, ndinapeza tsamba lodzaza mbali zonse. Linali lokoma, sindinama. Anayamba ndi kuthokoza makolo a ku Chiparamba. Anatsatiza malangizo, poti munthu wamkulu, iwo amati, amafuna kumva msanga chimene wamuitanira. Za njira ya kafukufuku, zoti ndinawerenga marejisitala ndi kucheza ndi makolo, anazichotseratu. Pakati anaikapo mwambi, ndiponso mfundo yawoyawo yoti ana a masiku ano ndi aulesi.

"Atate, izi za ulesi sindinazipeze ine."

"Sunazipeze chifukwa sunandifunse."

Ndinaseka, koma ndinatumiza momwemo, nditangochotsa ulesiwo. Yankho linabwera Lolemba. Amayi oyang'anira aja analemba manambala pa ziganizo za Chizungu, kenaka anasaka chilichonse m'Chinyanja. Chachiwiri panalibe. Chomaliza chinali pamwamba. Pansi analemba kuti, "Chinyanja chabwino kwambiri. Koma kholo lowerenga ichi ndi mphunzitsi wowerenga icho awerenga mabuku awiri osiyana."

Loweruka lotsatira ndinabwereranso ndi pepala lojambula mzere pakati, Chizungu kumanzere, kumanja kopanda kanthu. Atate ananyinyirika kuti ndikuwabwezera ku Giredi 4, koma anakhala pansi. Tinkatenga chiganizo chimodzi, kuchimasulira, kenaka n'kupita pa china. Sitinkatsata mawu amodziamodzi ayi. Chinyanja chinkayenda mayendedwe ake, pena kutalikirapo, bola mfundo ikhale yomweyo, osawonjezera, osachotsera. Pamene Chizungu chinati makolo ena, atate analemba kuti makolo onse, ndipo tinakangana mpaka tiyi anazizira. Anagonja.

Tinakakamira pa chiganizo chomaliza. M'Chizungu chinkamveka chaulemu wake, choti zopezekazi zili ndi tanthauzo kwa onse okhudzidwa. Atate anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Okhudzidwawo ndani?"

"Makolo, aphunzitsi, basi onse."

"Achite chiyani?"

Ndinali nditalemba buku lonse, koma chiganizo chimenecho chinali chikwatu chopanda mtedza.

"M'Chizungu ungabisale, mwana wanga," anatero atate akupukuta magalasi. "M'Chinyanja akufunsa."

Ndinatsegula mutu womaliza wa buku langa. Malangizo enieni analimo: sukulu ndi makolo agwirizane kuti nyengo yokolola ana azithandiza kumunda akaweruka ndi Loweruka, ndipo aphunzitsi azibwereza maphunziro kwa amene anajomba. Tinalemba zimenezo m'Chinyanja, kenaka ndinafufuta chiganizo changa cha Chizungu n'kulemba china chofanana nacho. Ndinabwera kudzakonza mbali yakumanja, ndinabwerera nditakonza yakumanzere. Amayi oyang'anira aja anavomereza tsiku lomwelo.

Patapita miyezi, aphunzitsi aakulu anasindikiza tsambalo n'kuligawa pamsonkhano wa makolo. Aphunzitsi aakuluwo ankawerenga mokweza mbali ya Chizungu. Mayi wina wolima mtedza wambiri, amene anali kutsogolo ndi pepala lake, anaimika dzanja.

"Apa pomaliza pali ziwiri," anatero, chala chili pa Chinyanja. "Yathu ya Loweruka mwaitchula mokweza. Nanga yanu yobwereza maphunziro mwailumphiranji?"

Aphunzitsi aakulu anayang'ana kumanzere kwa tsamba lawo, pamzere womwewo, n'kukhosomola pang'ono. Makolo anaseka, ine n'kuyang'ana pansi ngati sindikulidziwa pepalalo. Maphunziro obwereza anayamba chaka chomwecho mtedza utakumbidwa, ndipo kalasi yoyamba ya masana anandipatsa ineyo.